Kulemba mawu a vidiyo yophunzitsa buku la ndalama za kumunda

M'makomo ambiri muli mwana kapena mdzukulu amene anaphunzirako Excel kapena Google Sheets, pomwe makolo ake amasunga ndalama za kumunda m'kope losakanikirana ndi ngongole za kugolosale, kapena m'mutu basi. Mwanayo akafuna kuwathandiza ali kutali, amajambula sikirini ya foni yake akulemba, n'kutumiza vidiyoyo pa WhatsApp. Kawirikawiri imatuluka vidiyo ya mphindi 15 yodzaza ndi mawu akuti "apa", "kenako apa", "aa, pepani, ndalakwitsa". Amayi amaonera mpaka kumapeto, n'kuyamikira, koma buku osalitsegula. Vuto limakhala lakuti wojambulayo anayamba kulankhula asanalembe zoti anene. Kabuku kano ndi ka inu amene mukufuna kujambula vidiyo yotere, ya kwanu kapena ya kalabu ya alimi, ndipo kakunena za mawu amene muyenera kulemba papepala musanadine batani lojambulira.

Woonera ali ndi foni imodzi

Musanalembe liwu lililonse, ganizirani mmene vidiyo yanu idzaoneredwe. Inu mwina muli ndi laputopu pambali. Amene mukuwaphunzitsa ali ndi foni imodzi, ndipo vidiyo ndi buku zili m'foni yomweyo. Sangaonere uku akulemba. Adzaonera pang'ono, n'kuimitsa, n'kutuluka mu WhatsApp, n'kutsegula buku, n'kuchita zomwe akukumbukira, n'kubwereranso. Chimene angapite nacho paulendo umenewu ndi chochita chimodzi, zikachuluka ziwiri. Mukawapatsa zinayi nthawi imodzi, pofika m'bukumo chachitatu chaiwalika.

Choncho mawu anu akhale a chochita chimodzi pa mzere umodzi, ndipo malo oimitsira vidiyo muwalembe ndi kuwatchula pakamwa: "Imitsani apa, mukachite chomwechi, mubwere." Jambulaninso pa chipangizo chofanana ndi chawo. Ngati iwo adzalemba pa foni, musajambule pa laputopu, chifukwa mabatani sakhala pamalo amodzi, ndipo sikirini ya laputopu ikafika pafoni zilembo zimachepa ngati nyerere.

Yambani ndi buku, mawu pambuyo

Konzani kaye bukulo mpaka kumapeto, ndi manambala a chitsanzo, musanaganize zoti munene. Tiyeni titenge chimanga cha ekala imodzi. Manambala ali m'munsiwa ndi ophunzitsira chabe, inu mudzaike ofanana ndi mitengo ya kwanu chaka chimenecho.

```
  A           B              C         D        E
1 Tsiku       Chinthu        Gulu      Zolowa   Zotuluka
2 2024-11-05  Mbewu 10 kg    Mbewu              60000
3 2024-11-05  NPK thumba 1   Fetereza           110000
4 2024-12-02  Kubzala        Ganyu              25000
5 2024-12-20  Urea thumba 1  Fetereza           105000
6 2025-01-10  Kupalira       Ganyu              40000
7 2025-05-15  Matumba        Kusunga            30000
8 2025-08-20  Matumba 12     Malonda   540000
```

Mizere isanu ndi iwiri yokha ya ndalama. Musachulukitse. Buku lenileni lidzakhala ndi mizere yambiri, koma pophunzitsa mukufuna manambala amene munthu angawonkhetse yekha pa kakyuleta n'kutsimikiza kuti foni sikumunamiza. Apa zotuluka zonse ndi K370,000, zolowa ndi K540,000, zotsala ndi K170,000, ndipo fetereza yekha wadya K215,000. Manambala anayi amenewa alembeni pamwamba pa pepala lanu, chifukwa mawu onse a vidiyo adzakhala akulunjika kumeneko.

Musagwiritse ntchito buku lenileni la pakhomo panu. Vidiyo ikalowa m'gulu la WhatsApp simungaiitanenso, ndipo mudzi wonse udzadziwa matumba amene bambo anagulitsa ndi ngongole imene ali nayo.

Pali zinthu ziwiri m'bukuli zimene zasankhidwa dala, ndipo mawu anu adzayenera kuzifotokoza. Choyamba ndi kalembedwe ka tsiku. Kuno timalemba 05/11/2024 kutanthauza pa 5 Novembala, koma pulogalamu imene yatcheredwa mwa ku America imawerenga zimenezi ngati pa 11 Meyi. Mukayamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, chisokonezochi sichibwera. Chachiwiri ndi malo a masamu. Musaike chiwonkhetso kunsi kwa mzere 8, poti mawa akagula mankhwala a anankafumbwe adzasowa polemba. Chiikeni kumbali, chakumwamba, m'makolamu G ndi H, kuti buku lizikula chotsika popanda kugunda kanthu.

Mukatha, fufutani zonse n'kulipanganso kuyambira pa tsamba loyera, uku mukulemba papepala chilichonse chimene chala chanu chachita. Apa ndi pamene mumagwira tizochita timene munazolowera mpaka kuiwala kuti tilipo. Pa Google Sheets ya pafoni, mwachitsanzo, kukhudza kabokosi kamodzi kumangokasankha. Kuti mulembe, mumakhudzanso mpata wolembera umene uli kunsi kwa sikirini, ndipo mukatha mumadina kachizindikiro kochonga. Inu mumachita zitatuzi osaganiza. Kwa wophunzira ndi zochita zitatu zosiyana, ndipo akaphonya chimodzi amaona ngati foni yafa.

Gawani mavidiyo

Phunziro lonse lisakhale m'vidiyo imodzi. Bukuli likugawika bwino panayi: kutsegula tsamba ndi kulemba mitu, kulemba zogula ndi zogulitsa, kuwonkhetsa, ndi kufunsa buku kuti gulu lililonse ladya zingati. Iliyonse isapitirire mphindi zitatu kapena zinayi. Vidiyo yaifupi siithetsa bandulo, ndipo amene waiwala kuwonkhetsa m'mwezi wa Meyi amangotsegula yachitatu m'malo mofufuza pakati pa vidiyo yaitali. Chiganizo choyamba cha vidiyo iliyonse chinene chimene woonera akhale nacho pomaliza, sikirini ikuonetsa chinthucho chitatha kale. Moni akhale wa mpweya umodzi. Mbiri ya mmene munaphunzirira kompyuta isungeni.

Pepala la mbali ziwiri

Tengani pepala, mulembe mzere pakati. Kumanzere muzilemba zooneka pa sikirini, kumanja zonena. Lamulo ndi lakuti mbali ziwirizi zizilingana: pasakhale chochitika pa sikirini chimene pakamwa sipanachitchule, ndipo pakamwa pasatchule chimene sichikuoneka. Nachi chigawo cha vidiyo yachitatu, mmene chingalembedwere.

Zooneka: buku lonse, masamu atachitika kale, H2 ikuonetsa 370000.
Zonena: "Moni amayi ndi abambo. M'vidiyo ino tiuza buku kuti liziwonkhetsa lokha ndalama zonse zimene zatuluka. Pomaliza mukhala ndi nambala iyi."

Zooneka: tsamba la dzulo, lopanda masamu. Chala chikokera tsamba kumanzere mpaka G ndi H zioneke.
Zonena: "Kokerani tsamba kumanzere mpaka muone chilembo G pamwamba."

Zooneka: kukhudza G2, kulemba Zotuluka zonse, kuchonga.
Zonena: "Pansi pa G, pa mzere wachiwiri, khudzani. Khudzaninso polembera kunsi. Lembani kuti Zotuluka zonse. Chongani. Imitsani apa, mukachite, mubwere."

Zooneka: kukhudza H2. Chete kwa masekondi atatu.
Zonena: "Tsopano kabokosi koyandikana nako kumanja, pansi pa H, mzere womwewo."

Zooneka: kulemba fomula pang'onopang'ono, kenako kuisiya pa sikirini masekondi khumi.

```
=SUM(E2:E200)
```

Zonena: "Yambani ndi chizindikiro cha ikwozi, timizere tiwiri togona. Chimenechi chimauza foni kuti awa ndi masamu. Zotsalazo koperani papepala monga zikuonekera. Imitsani apa."

Zooneka: kuchonga, 370000 ituluka.
Zonena: "Ngati manambala anu ndi ofanana ndi anga, patuluka 370,000. Ngati patuluka ina, musapitirire, onerani gawo lotsatirali."

Taonani kayendedwe ka mzere uliwonse. Malo amayamba kutchulidwa, kenako chochita, kenako chimene chiyenera kuoneka. Mukayamba ndi chochita, monga "lembani Zotuluka zonse mu G2", woonera amamva "lembani" maso ake asanapeze pamalopo, ndipo chala chanu chimakhala chadutsa kale. Mawu akuti "apa" ndi "apo" asakhale okha. Pa sikirini yaing'ono, WhatsApp itafinyanso vidiyoyo, kadontho koonetsa pamene mwakhudza kamasowa msanga. Nenani chilembo ndi mzere.

Taonaninso kuti fomula sinawerengedwe chilembo ndi chilembo. Kutchula "esi, yu, emu, bulaketi" kumatopetsa ndipo kumalakwitsa anthu. Ndi bwino kuisiya pa sikirini, yokulitsidwa, iwo aikopere papepala. Chimene pakamwa payenera kuchita ndi kufotokoza tanthauzo lake kamodzi, m'mawu a tsiku ndi tsiku: "Tauza buku kuti liwonkhetse zonse zili pansi pa E, kuyambira mzere wachiwiri mpaka wa 200." Onjezani chifukwa chake mwaika 200 pomwe mizere yolembedwa ikuthera pa 8. Mukapanda kunena, wina adzakonza kuti ikhale E8, ndipo zonse zimene adzalembe pambuyo pake sizidzalowa m'chiwonkhetso, iye osadziwa.

Masekondi a chete alembeni ngati mawu. Wojambula amaopa chete, amaona ngati vidiyo yaima, n'kuyamba kudzaza ndi "ndiye eti". Koma nthawi imeneyo ndi imene maso a woonera akufunafuna H2.

Mawu oti musankhe kamodzi

Pamwamba pa pepala lembani mayina amene mudzagwiritse ntchito, ndipo musawasinthe mpaka vidiyo yomaliza. Ngati mwati "kabokosi", kakhale kabokosi, osati "selo" m'vidiyo yachiwiri ndi "kadanga" m'yachitatu. Liwu lakuti "mzere" ndi loterera, chifukwa m'Chichewa wotsika ndi wopingasa yonse ndi mizere. Njira yosavuta ndi kusunga "mzere" kwa wopingasa, umene uli ndi nambala, ndipo wotsika muziutchula ndi chilembo chake: "pansi pa E". Mayina a mabatani atchuleni monga alembedwera pa sikirini, kaya ndi Chingerezi, chifukwa ndi amene munthu akuwafunafuna ndi maso. Mukamasulira, adzafunafuna liwu limene palibe.

Zilembo B, D ndi E zimamveka mofanana pa sipika ya foni, makamaka kunja kuli mphepo kapena chigayo chikulira. M'buku lathu D ndi E ndi zimene zikusiyanitsa ndalama yolowa ndi yotuluka, choncho kuzisokoneza n'koopsa. Lembani m'mawu anu kuti "pansi pa D, pa Zolowa" ndi "pansi pa E, pa Zotuluka", nthawi zonse ndi mutu wake.

Manambala atchuleni mmene anthu amawatchulira pamsika. Palibe amene amagula yureya n'kunena kuti zikwi zana limodzi ndi zisanu. Ngati kwanu amati "wani handiredi faifi sauzande", lembani choncho papepala, kuti pojambula lilime lisapunthwe.

Dzina la kabokosi ka H3, kamene kamachotsa zotuluka pa zolowa, nalonso ndi nkhani ya mawu. Fomula yake ndi yapafupi:

```
H1: =SUM(D2:D200)
H3: =H1-H2
```

Ambiri angalembe Phindu pambali pa K170,000 ija. Ine ndingalembe Zotsala, ndipo ndingaike ziganizo ziwiri zofotokoza. Tinene kuti munda unatulutsa matumba 20 a makilogalamu 50, anagulitsa 12 pa K45,000 lililonse, ndipo 8 ali m'nyumba akudyedwa. Matumba 8 amenewo, pa mtengo womwewo, ndi K360,000 imene siikuoneka m'buku chifukwa sinadutse m'manja ngati ndalama. Thukuta la eni nyumba nalonso mulibe. Mukaitcha nambalayi phindu, bambo angaganize kuti chimanga chinawapatsa K170,000 yokha, n'kupanga chisankho cholakwika chaka chamawa. Vidiyo inene poyera kuti bukuli likuwerenga ndalama imene yalowa ndi kutuluka m'thumba basi.

Lakwitsani dala, pamalo amene mwakonzeratu

Vidiyo imene zonse zikuyenda bwino imamusiya munthu yekha tsiku limene zavuta. Lembani m'mawu anu zolakwika ziwiri zimene mukudziwa kuti zidzachitika, muzichite pa sikirini, muonetse mmene zimadziwikira.

Cholakwika choyamba ndi K. Tonse tinazolowera kulemba K105,000, ndipo dzanja limalemba lokha. Pa mafoni ambiri pulogalamu ikaona chilembo kutsogolo imatenga zonsezo ngati mawu, ndipo `SUM` imadumpha mawu mwakachetechete, osadandaula. Mukalemba K105,000 mu E5, zotuluka zonse zimatsika kufika pa 265000, ndipo zotsala zimakwera kufika pa 275000. Ili ndi bodza lokoma, lomwe munthu angalikhulupirire mosavuta chifukwa likumuuza kuti wapeza zambiri. Chizindikiro chake n'chooneka ndi maso: nambala yeniyeni imatsamira kumanja kwa kabokosi, mawu amatsamira kumanzere. Papepala panu palembedwe motere:

Zooneka: kusintha E5 kukhala K105,000. Kukulitsa sikirini kuti E4, E5 ndi E6 zioneke bwino. Chete.
Zonena: "Ndalakwitsa dala. Yang'anani nambala iyi, yathawira kumanzere pomwe zinzake zili kumanja. Buku silikuiwerenga. Chotsani K, mulembe manambala okhaokha."

Cholakwika chachiwiri ndi chathu cha m'Chichewa, ndipo chimabwera m'vidiyo yachinayi, pofunsa buku kuti fetereza wadya zingati:

```
=SUMIF(C2:C200,"Fetereza",E2:E200)
```

Fomulayi imayang'ana pansi pa C liwu lolembedwa ndendende ngati limene lili pakati pa timakoma. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono siziisokoneza, koma r ndi l kwa iyo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ife timalemba "fetereza" lero, "feteleza" mawa, osaona kusiyana. Mukalemba Feteleza mu C5, yankho limakhala 110000 m'malo mwa 215000, thumba la yureya lasowa. Ngakhale kampata kosaoneka kotsala kumapeto kwa liwu kamachita chimodzimodzi. Onetsani cholakwikachi, kenako perekani njira yodzitetezera: asankhe kalembedwe kamodzi ka gulu lililonse, alembe mayinawo pambali, ndipo akawonkhetsa magulu onse a zotuluka pakhale nambala yomwe ili mu H2. Zikasiyana, pali liwu limene lalembedwa mwina. Ngati mumadziwa kuika kamndandanda kosankhapo pogwiritsa ntchito Data validation, konzeranitu m'buku limene mudzawatumizire, koma musaphunzitse zimenezo m'mavidiyo oyambawa.

Zolakwika zina zimadziulula zokha, choncho chiganizo chimodzi chikwanira. Akalemba dzina la fomula molakwika, pamatuluka `#NAME?`. Akafuna kudziwa ndalama zimene thumba limodzi ladya, n'kugawa ndi kabokosi kopanda kanthu, pamatuluka `#DIV/0!`. Akalembamo matumba 20, yankho ndi 18500, ndipo nambala imeneyi ndi imene mlimi angaiyerekeze ndi mtengo wa vendala. Dziwaninso kuti mafoni otcheredwa mwa mayiko ena, monga a Chipwitikizi, amafuna `;` pamene ife taika `,` m'fomula. Ngati muli ndi achibale ku Tete kapena ku Angónia amene adzaonere, ikani chiganizo chimenechi.

Yesani pepala musanajambule

Werengani mawu anu mokweza, wotchi ili pambali, uku mukuchita zonse pafoni. Pamene mpweya wathera pakati pa chiganizo, chiduleni pawiri. Pamene mawu atha chala chikadali kulemba, ikani chete. Zikapitirira mphindi zinayi, musafulumize kulankhula, chotsani chochita chimodzi chipite m'vidiyo yotsatira.

Kenako pezani munthu wa m'nyumba amene sanagwirepo pulogalamuyi. Mupatseni foni, inu mukhale chomufulatira, muziwerenga mbali ya kumanja yokha. Musatembenuke, musaloze. Paliponse pamene afunse kuti "pati?" kapena akhale chete nthawi yaitali, ikani chizindikiro papepala, pamenepo pali chochita chimene mwadumpha. Mayeso amenewa amawawa pang'ono, chifukwa mumapeza kuti zimene mumaziona zomveka sizikumveka, koma ndi bwino kuzipeza pakhonde kusiyana ndi kuzimva vidiyo itafika kale kwa anthu 40.

Pamwamba penipeni pa pepala ikani zoti muchite musanadine batani. Kuyambira pa Android 11, imene inatuluka mu 2020, mafoni ambiri ali ndi chojambulira sikirini m'kati, pa timabatani totuluka mukakokera sikirini pansi kuchokera pamwamba, ngakhale dzina lake limasiyana pakati pa Samsung, Tecno ndi itel. Sankhani kuti chijambule mawu a maikolofoni, apo ayi mudzalankhula mphindi zinayi n'kupeza vidiyo yosalankhula. Ngati pali posankha kuti chizionetsa pamene mwakhudza, yatsani. Yatsaninso Do Not Disturb, kuti uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba usatulukire pamwamba ndi ndalama zanu zotsala. Kulitsani tsamba mpaka zilembo ziwerengeke mutatambasula mkono. Jambulani m'chipinda chotseka, nthawi imene atambala ndi mawailesi a anansi apuma.

Mukapunthwa pakati, musayambirenso zonse. Imani, mupume, mubwereze mzere womwewo kuchokera poyambira pake, mudzadula pambuyo. Ubwino wina wa pepala la mizere ifupiifupi ndi umenewu, podula pamapezeka mosavuta.

Mawu omaliza a vidiyo iliyonse akhale ntchito yoti achite okha, yokhala ndi yankho lodziwika. Pa vidiyo yachitatu mungalembe kuti: "Pa mzere 9 onjezani mankhwala osungira chimanga a 15000, pansi pa E, pa Zotuluka. Nambala ya mu H2 isinthe yokha kukhala 385000. Ikatero, jambulani chithunzi cha sikirini munditumizire." Vidiyo yachinayi musaitumize zithunzi zimenezo zisanabwere.